Kagudumu ka ulusi pa khonde la atelala

Khonde limeneli lili kuseri kwa mzere wina wa masitolo ku Limbe, ndipo munthu amayamba kulimva asanalione. Makina opondera ali mumzere motsamira khoma, ena a Singer akalekale, ena a Butterfly, onse akulira nthawi imodzi chifukwa sukulu zinali pafupi kutsekulira ndipo mayunifolomu anali mulu. Pansi pake ndi simenti yosalala ndi mapazi a zaka zambiri. Kumapeto kwa khonde kuli tebulo lositira ndi simbi ya makala, kenaka kakhomo kotulukira kubwalo kumene sitolo ina ya zipangizo zamagetsi imasungirako katundu. Ndinapitako kuti ndikaone chinthu chimene ife aphunzitsi a fizikisi timachijambula pa bolodi, pamene atelala amakumana nacho tsiku ndi tsiku pansi pa matebulo awo.

Pa tebulo loyamba panali bambo wina wa imvi, mwini makina angapo pakhondepo, ndi mnyamata wophunzira kusoka. M'kabati mwa bamboyo munali timagudumu ta ulusi tamtengo, ta mtundu umene masiku ano suonekaoneka: mikombero iwiri yotakata uku ndi uku, pakati pake mtima wowonda pokulunga ulusi. Nditawauza chimene ndadzera, anasankha kamodzi kotsala ulusi pang'ono, nakagoneka pa simenti pafupi ndi phazi la makina, ulusi ukutulukira kunsi kwa mtima kulowera kwa mnyamatayo.

"Takakoka, uli chiimire," anatero.

Mnyamata anakoka ulusi molunjika m'mwamba. Kagudumu kanagubuduka kumuthawa, kakumasula ulusi, mpaka kukalowa pansi pa tebulo lachiwiri.

"Tsopano nyonyomala, iwe. Dzanja likhudze pansi. Usatsomphole, uzingokoka pang'onopang'ono."

Mnyamata anatsitsa dzanja mpaka ulusi unagona pafupifupi ndi simenti. Atakoka, kagudumu kanatembenuza ulendo, kakubwera kwa iye, uku kakudzikulungira ulusi umene kanamasula uja. Kagudumu ndi komweko, ulusi womwewo, simenti yomweyo. Chimene chinasintha ndi kupendekeka kwa ulusi basi.

Chimene chimasokoneza maso ndi chakuti munthu amayang'ana pakati pa kagudumu. Akaona ulusi ukutulukira kunsi kwa mtima, amaganiza kuti kukoka kulikonse kuyenera kuzunguza kagudumu kuti kamasuke, ndiye kuti kathawe. Zikanakhala choncho kagudumu kakanakhala kolendewera pa msomali. Koma kali pansi, ndipo malo ofunika kuyang'ana ndi pamene mikombero yakhudza simenti. Chinthu chikamagubuduka osatsetsereka, kachigawo kamene kakhudza pansi pa nthawi imeneyo kamakhala kataima, ndipo thupi lonse limakhala ngati likupendamira pa kachigawo kameneko. Kulemera kwa kagudumu kumalunjika pomwepo, kukankha kwa simenti kumachokera pomwepo, kugwira kwa simenti kulinso pomwepo. Mphamvu zonsezi sizingathe kupendeketsa kagudumu kuzungulira malo amene izo zadutsa. Yotsala ndi imodzi yokha, ya ulusi.

Zili ngati chitseko ndi mahinjesi ake. Mukachikoka mbali iyi ya mahinjesi chimatseguka, mukachikankha chimatsekeka, koma mukakoka m'mphepete mwake molunjika ndi mahinjesiwo sichisuntha ngakhale mutatuluka thukuta. Pa kagudumu, mahinjesi ndi pamene mkombero wakhudza pansi.

Ndinapempha rula yaitali ya atelala ndi choko. Ndinalemba kadontho pa simenti pamene mkombero wakhudza, kenaka ndinagoneka rula m'mbali mwa kagudumu motsatira ulusi, kuti tione kumene mzere wa ulusiwo ukanakagwera ukanapitirira kumbuyo mpaka pansi. Dzanja la mnyamata lili pansi, rula inadutsa pamwamba pa kadontho nikagwera kutali, kuseri kwa kagudumu. Ulusi wotero umakokera kagudumu kwa wokoka. Atakweza dzanja kwambiri, malo amene ulusi umasiyana ndi mtima anasunthira kutsogolo, ndipo rula inagunda simenti mbali ya mnyamatayo, isanafike pa kadontho. Ulusi wotero umanyamula kutsogolo kwa kagudumu n'kukapendeketsera kumbuyo, ndiye kamathawa. Pakati pa ziwirizi pali kupendekeka kumodzi kumene rula imagwera pa kadontho penipeni. Mnyamata anakufunafuna pokweza ndi kutsitsa dzanja, mpaka anakupeza. Kagudumu kanangoti zii, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Atawonjezera mphamvu, kanayamba kukwekwereka pa simenti osazungulira n'komwe.

Bamboyo anandipatsa tepi ya m'khosi mwawo, tinayeza. Mkombero popingasa unali mamilimita 40, ndipo mtima pamodzi ndi ulusi wotsalawo unali mamilimita 20. Lamulo lake ndi lalifupi:

cos θ = r / R

Apa r ndi mtunda wochokera pakatikati pa kagudumu kufika pamene ulusi ukutulukira, R ndi wochokera pakatikati pomwepo kufika kumkombero, ndipo θ ndi ngodya ya pakati pa ulusi ndi simenti. Kwa ife r anali mamilimita 10, R anali 20. Kugawa kumapereka theka, ndipo ngodya imene kosaini wake ndi theka ndi ya madigiri 60. Ulusi ukapendekeka mochepera madigiri 60 kagudumu kamabwera, ukaposa pamenepo kamathawa. M'lamuloli mulibe kulemera kwa kagudumu, mulibe kusalala kwa pansi, mulibenso kukula kwa mphamvu yokokera. Muli miyeso iwiri yokha, yonse yoyezeka ndi tepi ya telala.

Mnyamatayo sanakhutire msanga, ndipo ndinamukonda nazo. "Koma aphunzitsi, chimene chikukazunguza kuti kabwere n'chiyani, poti ulusi ukukokera kunsi?"

Yankho ndi simenti. Ulusi ukakoka kagudumu kutsogolo, simenti imagwira mikombero kuti isatsetsereke, ndiye kuti imakokera kunsi kwa mikombero kumbuyo. Kuyang'anira pakati pa kagudumu, pali mpikisano wa mphamvu ziwiri. Ulusi ukufuna kuzunguza mtima kuti umasuke, koma wagwira pafupi, pa mamilimita 10. Simenti ikufuna kuzunguza mbali inayo, ndipo yagwira patali, pa mamilimita 20. Ulusi ukagona, kukoka konse kumalunjika kutsogolo, simenti imagwira ndi mphamvu yoyandikana ndi ya ulusiyo, ndipo imapambana chifukwa cha kutalika kwa pamene yagwira. Mukamakweza dzanja, gawo la kukoka limene likulunjika kutsogolo limacheperachepera, simenti nayo imachepetsa kugwira kwake, pamene ulusi ukadali pa mamilimita 10 omwe aja ndi mphamvu yake yonse. Pa madigiri 60 gawo lolunjika kutsogolo limatsala theka, ndipo theka pa mamilimita 20 n'chimodzimodzi ndi mphamvu yathunthu pa mamilimita 10. Palibe wopambana.

Tinasunthira pa tebulo lachitatu, pamene mayi wina ankasoka masiketi obiriwira. Anali atamva zonse osasiya kuponda makina.

"Chimenecho n'cha kagudumu kotsala pang'ono kutha, achimwene," anatero. "Katsopano kakagwa, n'kovuta. Olo utsitse dzanja bwanji."

Anali kunena zoona, ndipo kwa ine apa ndiye panali pokoma pa ulendo wonsewu. Bambo aja anabweretsa kagudumu kena ka mikombero yofanana ndi koyamba kaja, koma kodzaza ulusi, kotero kuti popingasa ulusiwo unali mamilimita 36. Tsopano r ndi 18, R akadali 20, kugawa kumapereka 0.9, ndipo ngodya yake ndi pafupifupi madigiri 26. Mpata woti kagudumu kabwere wachepa kwambiri. Mukangokweza dzanja pang'ono mwadutsa kale malire. Ndipo ngakhale ulusi utagoneratu, mzere wake umadutsa mamilimita 2 okha pamwamba pa kadontho kaja, m'malo mwa mamilimita 10 a kagudumu koyamba, choncho kamabwera mwaulesi, ndipo kansalu kakang'ono kali pansi kakhoza kukaimitsa.

Tinayesanso china pa tebulo la mayiwo. Tebulo la makina linali lotalika masentimita 75. Tinadutsitsa ulusi m'mphepete mwa tebulo kuti kutalika kwa pokokera kusasinthe, kagudumu kotsala pang'ono kaja tinakaika patali. Mayiwo atayamba kukoka, kanabwera bwinobwino. Koma kagudumu kakamayandikira, ulusi umanka nuimirira, ngodya imakula yokha. Katafika pafupifupi masentimita 43 kuchokera pansi pa m'mphepete mwa tebulo, kanapitirira pang'ono, kanabwerera pang'ono, n'kukhazikika. Pamenepo ndiye pamene ulusi wochokera pa masentimita 75 m'mwamba umapanga madigiri 60. Titakaika pansi penipeni pa tebulo, kanathawa, ndipo pothawapo ulusi unanka nugona mpaka kanakaima cha pamalo omwewo. Kaya kachokere kutali kaya pafupi, kamadzipezera kokha ngodya imene sikagubuduka. Kagudumu kodzaza kaja malo ake oimira anali kutali, pafupifupi mita imodzi ndi theka, kunja kwa mthunzi wa khonde. N'chifukwa chake telala amene wakhala pa mpando sangathe kuitana kagudumu katsopano ndi ulusi mpaka pamapazi pake. Ayenera kudzuka basi.

Timagudumu tapulasitiki tambiri timene mayiwo ankasokera n'toposa pamenepo. Tikakhala tatsopano, ulusi umafika pamlomo pa mikombero, penanso kuposa, moti timagubuduka pa ulusi womwewo. Zikatero r ndi R afanana, ngodya ya malire ndi ziro. Mukagoneka ulusi kamangokwekwereka, mukakweza pang'ono kamathawa, ndipo palibe kakokedwe kochokera kunsi kamene kangakabweretse kakugubuduka. Ulusi wa makina a ovaloko, umene umakulungidwa pa chinthu chotakata kunsi chowonda kumutu, sitinavutike nawo. Chimenecho chikagona pansi chimangozungulira pamalo amodzi.

Pa tebulo lositira tinayesa bobini yachitsulo, ndipo poyamba inakana kumvera. Mnyamata atakoka ulusi wogona, bobini inatsetsereka kubwera kwa iye, koma ikuzungulira chomasula ulusi. Lamulo silinalakwe. Chimene chinasowa ndi chimene lamulolo laimapo, kuti mkombero ugwire pansi. Tebulo limagwira chinthu molingana ndi mmene chinthucho chikulipsinjira, ndipo bobini ndi yopepuka kwambiri, chitsulo chake n'choterera. Kukoka pang'ono kokha kunaposa zimene tebulo likanatha kugwira. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: lembani kamzere ka choko pa mkombero, ndipo mukaona kuti chinthu chikubwera koma kamzereko kakuzungulira chobwerera, dziwani kuti chikutsetsereka. Titayala chitenje chimodzi patebulo n'kuchikoka kuti chisakhale ndi makwinya, bobini inabwera ikudzikulunga monga kagudumu kamtengo kaja. Kutsomphola ulusi kumachititsa kuti ngakhale kagudumu kolemera katsetsereke, ndipo kukweza dzanja kumawonjezera vutoli chifukwa ulusi umanyamulako kulemera kwina, mikombero n'kupsinja pansi mochepa.

Pa bulangete lositirapo panaoneka vuto lina. Mikombero inamira pang'ono m'nsalu yofewayo, pokhudza pansi sipanalinso kadontho koma kadera. Kagudumu kanakhala kosasuntha pa ngodya zingapo zoyandikana, osati imodzi yokha. Amene akufuna kuyeza ngodya ya malire bwinobwino asankhe malo olimba koma osaterera, monga thabwa losapaka vanishi. Aonetsetsenso kuti ulusi ukutulukira chapakati pa mikombero iwiri. Ukatulukira kufupi ndi mkombero umodzi, kagudumu kamakhota n'kuyamba kuyenda chammbali.

Kenaka tinatuluka pa kakhomo kaja. Kubwalo kunali mapaipi, makatoni, ndi zigudumu zathabwa zimene mumabwera zingwe zikuluzikulu zamagetsi. Zina zinali zitagonekedwa chafufumimba, anthu akudyerapo nsima. Mlonda wa pamalopo, bambo wa msinkhu wapakati, anatilola kuimika chimodzi chopanda kanthu pa kakonkire kosalala kumene galimoto zimatsitsira katundu. Mikombero yake inali masentimita 100 popingasa, mtima wake 40. Tinakulunga chingwe chopyapyala cha nayiloni maulendo angapo, chikutulukira kunsi.

Pa chinthu chachikulu chotere zonse zimaoneka poyera. Kugawa 20 ndi 50 kumapereka 0.4, ndiye kuti malire ali pafupifupi madigiri 66. Munthu woimirira amene wagwira chingwe m'chiuno ali pa mamita awiri kapena atatu ali kutali ndi malire amenewo, choncho chigudumu chimabwera kwa iye nthawi zonse. Kuti tichione chikuthawa, mnyamata anayenera kuima pafupi kwambiri ndi kukweza manja kupitirira mapewa. Dzanja likakhala masentimita 150 m'mwamba, malire amapezeka munthu ali masentimita 65 okha kuchokera pamene chigudumu chakhudza pansi, pamene mkombero wokhawo watenga kale 50. M'malo mwa rula tinagwiritsa ntchito nsungwi, kuigunditsa m'mbali mwa mkombero motsatira chingwe. Nsonga yake itagwera pamene thabwa lakumana ndi konkire, chigudumu chinakana kuyenda.

Chimene ndinkafuna kwambiri kuti mnyamatayo aone kubwaloko ndi liwiro. Tinalemba ndi choko pamene chigudumu chaima ndi pamene dzanja lake lili, chingwe chitagona. Anayenda chobwerera m'mbuyo akukoka, mpaka chigudumu chinasuntha masentimita 100. Titayeza dzanja, linali litasuntha masentimita 60 okha. Masentimita 40 otsalawo ndi chingwe chimene chigudumu chinameza podzikulunga. Ndiye kuti chimayenda mofulumira kuposa amene akuchikoka, ndipo akapitiriza chimamupeza. Pa kagudumu koyamba kaja, ka mtima wa theka la mkombero, dzanja likayenda chikhatho chimodzi kagudumu kamayenda zikhatho ziwiri.

"Chimenechotu chimaponda anthu zala," anatero mlondayo. "Chikakhala ndi waya wake ndi cholemera, sichiima msanga. Anyamata atsopano amaganiza kuti akakoka waya chimasuka, kenaka angoona chili pamiyendo."

Tinachizunguliza kuti chingwe chitulukire pamwamba pa mtima. Tsopano mzere wa chingwe unadutsa masentimita 70 pamwamba pa konkire m'malo mwa 30, ndipo mnyamata anamva m'manja kuti chapepuka: mphamvu yoyambitsira inatsika mpaka yosakwana theka la poyamba paja. Chigudumu chinabwerabe kwa iye, koma ulendo uno chikumasula chingwe, ndipo kuti chisunthe masentimita 100 dzanja linayenda 140. Chingwe chikatulukira pamwamba, mzere wake sungagwere mbali ya wokoka pokhapokha atakweza dzanja mpaka kudutsa pamwamba pa chigudumu, choncho palibe ngodya yoimitsa chinthu imene munthu wa kutsogolo angaipeze. Atelala ambiri amene amati kagudumu kawo kamabwera koma kakutaya ulusi ponseponse amakhala kuti kagwa motero.

Ndinafunsa mlondayo mmene amamasulira waya pogulitsa, poti kukoka kuli ndi zovuta zonsezi. Anatitengera kukona ya bwalo kumene kunali chigudumu china chodzaza, atachipisa paipi yachitsulo pa bowo la pakati, paipiyo itakhala pa miyendo iwiri yowotcherera, mikombero ili m'mwamba pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pansi. Pamenepo konkire ilibenso gawo. Malo ozungulirapo asamuka kuchoka pansi kupita pa paipi, ndipo mzere wa waya umadutsa mbali imodzi yomweyo ya paipiyo, pa mtunda womwewo, kaya mukoke mutanyonyomala kaya mutakwera pa mpando. Mnyamata anayesa kutsitsa ndi kukweza waya monga ankachitira pakhonde, koma chigudumu chinangozungulira chomasula ulendo uliwonse. Ntchito imene imatsala ndi ya munthu wachiwiri, amene amaima pambali ndi kathabwa kogunditsa pa mkombero, kuti wokoka akasiya chigudumu chisapitirize kuzungulira chokha n'kukhutula waya pansi.